Phindu Linalipo, Ndalama Panalibe

Munthu akamapita kukapempha ngongole yoyambira bizinesi amakhala ndi funso limodzi m'mutu: kodi andipatsa zingati? Wobwereketsa naye amakhala ndi lake, lofuna kudziwa ngati chikole chilipo. Funso limene limasowa wolifunsa ndi lakuti, kuchokera tsiku lolandira ndalama mpaka tsiku lomaliza kubweza, ndi sabata iti imene m'thumba mudzauma, ndipo padzaperewera zingati? Yankho lake ndi limene limayenera kutiuza kukula kwa ngongole. Limapezeka ndi kope la ana asukulu, cholembera ndi madzulo amodzi. Ndikufuna ndikusonyezeni zimene zimachitika likapanda kufunsidwa, kudzera pa nkhani ya mayi wina wa cha ku Lunzu amene anayamba kuweta nkhuku za nyama.

Mayiyu sanali munthu wosasamala. Sanadye mpamba, sanagulepo chitenje ngakhale chimodzi pa ndalama za ngongole, ndipo masamu ake anali olondola. Anali atasunga K500,000 ku banki mkhonde. Kuseri kwa nyumba kunali kachipinda kamene kakanasanduka khola atakakonza. Anafunsa mitengo mokwanira, ndipo ndigwiritsa ntchito imene anaipeza nthawi imeneyo. Lero yasintha, choncho inu muikepo yanu. Anapiye 200 a tsiku limodzi, pa K1,500 mmodzi, anakwana K300,000. Nkhuku ya nyama imadya makilogalamu pafupifupi anayi m'masabata 6, kotero nkhuku 200 zimafuna matumba 16 a makilogalamu 50. Pa K60,000 thumba, fidi yekha anali K960,000. Katemera wa chitopa ndi gumboro, makala ofunditsira anapiye, utuchi ndi thiransipoti anaziika pa K140,000. Zonse pamodzi K1,400,000. Anavomereza kuti khumi zikhoza kufa, ndipo 190 zotsalazo, pa K10,000 imodzi, zikanabweretsa K1,900,000. Phindu, K500,000 m'miyezi iwiri.

Kukonza khola ndi kugula zodyera ndi zomwera kunkafuna K300,000. Choncho anawonkhetsa K1,700,000, nachotsapo zake zija, n'kupeza kuti akuperewera K1,200,000. Imeneyo ndiyo analemba pa fomu. Anthu ambiri amene ndakhala nawo pansi amawerengera chonchi, ndipo ukangoyang'ana sungaone cholakwika. Vuto ndi lakuti masamuwa alibe masiku. Amanena kuti zingati, koma sanena kuti liti.

Chinthu choyamba chinaoneka pa tsiku lolandira ndalama. Bungwe lobwereketsalo linadula 5 peresenti ya mafomu ndi inshuwalansi, n'kusunganso 10 peresenti ngati ndalama yachitetezo imene imabwezedwa ngongole ikatha. Izi zinali zolembedwa mu mgwirizano, ndipo mabungwe ambiri obwereketsa ndalama zing'onozing'ono amachita zotere. M'manja mwa mayiyu munafika K1,020,000. Chiwongoladzanja chinali 5 peresenti pamwezi kwa miyezi 6, chowerengedwa pa K1,200,000 yonse mwezi uliwonse, ngakhale atabweza kale gawo lina. Zobweza zonse zinakwana K1,560,000, kutanthauza K260,000 mwezi ndi mwezi, kuyambira patatha masiku 30. Kawerengedwe kotere kamamveka kotsika m'makutu, koma kakayerekezedwa ndi chiwongoladzanja chowerengera pa ngongole yotsala yokha, 5 peresenti imeneyi imafika cha m'ma 8 peresenti pamwezi. N'chifukwa chake ine ndimati musafunse za maperesenti okha. Funsani kuti, "M'manja mwanga mulowa zingati, ndizibweza zingati, ndipo tsiku loyamba ndi liti?"

Chachiwiri chinali masiku amene anapita nkhuku zisanafike n'komwe. Anapiye amachita kubukitsa ndi kulipiriratu, ndipo khola linkafuna kukonzedwa ndi kupoperedwa. Anapiye anafika patatha masabata awiri chilandirireni ndalama. Wobwereketsa sawerengera msinkhu wa nkhuku, amawerengera tsiku limene ndalama inatuluka. Kubweza koyamba kunapeza anapiye ali ndi masiku 16, asanamalize ngakhale kumera nthenga.

Apa pali chinthu chimene chimapusitsa aliyense woweta nkhuku za nyama koyamba. Anapiye amadya pang'ono kwambiri. M'masabata atatu oyamba, nkhuku 200 zimatha matumba anayi okha mwa 16 aja. Matumba 12 otsalawo amapita m'masabata atatu omaliza. Choncho mwezi woyamba munthu amadziona ngati ali bwino, ndalama zikuoneka mu foni, ndipo K260,000 yoyamba ija mayiyu anaipereka mosadandaula, nthawi yake isanakwane. Titsatire ndalamazo. Anayamba ndi K1,520,000, zake ndi za ngongole. Khola ndi anapiye zinatenga K600,000. Matumba anayi a sitata ndi gulowa, makala, katemera ndi utuchi zinatenga K340,000. Kubweza koyamba kunatenga K260,000. Sabata yachitatu ikutha, anatsala ndi K320,000, pamene kutsogolo kunali matumba 12 ndi tina n'tina, zofuna K760,000. Panaperewera K440,000, ndipo panalibe nkhuku ndi imodzi yomwe yoti n'kugulitsa.

Ndalama zotsalazo zinagula matumba asanu. Kuti atalikitse, anayamba kusakaniza fidi ndi madeya a kuchigayo. Ndinalowa m'kholamo masiku amenewo. Nkhuku zinkathamangira aliyense wotsegula chitseko, zikukwerana pa zodyera zopanda kanthu, ndipo ukaigwira imodzi pachifuwa, fupa limakugunda m'dzanja pamalo pamene panayenera kukhala mnofu. Zina zinali zazikulu, zina ngati za masabata awiri m'mbuyo. Nkhuku ya nyama inapangidwa kuti izikula mothamanga pa chakudya chokhala ndi zomanga thupi zokwanira. Madeya amadzaza chithokomiro koma saika nyama, ndipo masiku khumi otayika pa msinkhu umenewu sabwezeka msanga.

"Achimwene," anandiuza, ataimirira pakhomo la khola ndi ndowa m'manja, "ine masamu ndinapanga. Phindu likuoneka ndithu. Nanga ndalama zapita kuti?"

Ndalama sizinasowe. Zinali m'khola momwemo, zikuyenda ndi miyendo iwiri, koma wogulitsa fidi salandira nkhuku ya masabata anayi. Anapita kwa wakatapila, natenga K300,000 yoti adzabweze K450,000 pakutha pa mwezi. Anagula matumba ena asanu. Masabata 6 atakwana nkhuku zinali zopepuka, ndipo anaganiza zozisunga pang'ono kuti zilemere. Koma nkhuku ya msinkhu umenewo imadya magalamu oyandikira 200 patsiku. Khola lake linkamaliza thumba lathunthu m'tsiku limodzi ndi theka, ndalama yokwana K40,000 tsiku lililonse. Nkhuku zili ndi masiku 46, kubweza kwachiwiri kunakwana, wakatapila nayenso akuyimba foni. Mavenda amamudziwa munthu wopanikizika, amangoona mmene akuyankhulira. Anazigula pamtengo umene iwo anafuna. Nkhuku 184 zinapita pa K7,500 imodzi tikaphatikiza zonse, n'kubweretsa K1,380,000. Atalipira wakatapila, kubweza kwachiwiri ndi matumba atatu owonjezera, panatsala K490,000, ndipo mwa imeneyi K200,000 inali m'manja mwa mwini lesitilanti wina ndi anansi amene anati adzalipira akalandira. Ngongole yotsala inali K1,040,000. Gulu lachiwiri la anapiye silinabwere. Patatha miyezi iwiri filiji ndi makina osokera, zimene anakoleza, zinanyamulidwa pa galimoto anansi akuonerera, ndipo amayi anzake a pagulu amene anamusainira anakhala naye chosayankhulana kwa nthawi yaitali.

Tsopano tibwerere m'mbuyo, tichite zimene zikanachitika asanasaine. Tengani masamba awiri oyang'anizana a kope. Pamwamba lembani masabata, kuyambira sabata imene mutulutse ndalama yoyamba. Pa bizinesi imene ndalama imazungulira msanga ngati iyi, kuwerengera pamwezi kumabisa vuto, chifukwa mwezi ukhoza kutha bwino pamene sabata yachiwiri munali mutauma. Kumanzere lembani mizere inayi: zimene ndayamba nazo, zolowa, zotuluka, zotsala. Zotsala za sabata ino ndizo zoyamba nazo za sabata yamawa. Lamulo lake ndi limodzi, ndipo ndi limene anthu amaliphwanya: ndalama ilembedwe pa sabata imene idzagwiridwe m'manja kapena kutuluka m'manja. Nkhuku yoperekedwa lero kwa munthu wodzalipira pa 30 ndi ndalama ya pa 30, mwinanso ya pa 10 mwezi winawo. Anapiye olipiridwa lero, odzafika masabata awiri akubwerawa, ndi ndalama yotuluka lero.

Ulendo woyamba musalembemo ngongole. Yambani ndi zanu zokha, ndipo mulole zotsala zitsike kupitirira ziro. Kwa mayi uja, K500,000 yake ikanatha anapiye asanafike, n'kukhala ndi kuperewera kwa K100,000. Pakutha pa sabata yachitatu chifikireni anapiye kuperewerako kukanafika K440,000, ndipo pakutha pa sabata ya 6, K1,200,000. Kuchoka apo manambala amayamba kukwera chifukwa malonda ayamba. Munthu wowoloka mtsinje safunsa kuti madzi ndi ochuluka bwanji mumtsinje monse, amafuna kudziwa pamene pali pakuya kwambiri. Pa pepala lathuli pakuya ndi pa sabata ya 6, ndipo ndi K1,200,000.

Mwina mwaona kuti nambalayi ndi yomwe ija mayiyu anapeza. N'zoona, ndipo apa ndi pamene iye anaimira. Koma K1,200,000 ndi ndalama imene iyenera kukhala ikugwira ntchito m'khola pa sabata ya 6, osati yolemba pa fomu. Ulendo wachiwiri ndi wolembamo ngongoleyo monga mmene ilili: pa zolowa, ndalama imene ifikedi m'manja, ndipo pa zotuluka, kubweza kulikonse pa sabata yake. Mukatero mumaona kuti ngongole nayonso imakumba. Pa K100 iliyonse imene mayiyu anasainira, K15 inadulidwa tsiku loyamba, ndipo pafupifupi K22 inabwerera kwa eni ake nkhuku zisanagulitsidwe. Yogwira ntchito inali K63. Kuti K1,200,000 ipezeke pa sabata ya 6, anayenera kutenga ngongole ya pafupifupi K1,900,000.

Wina angati, basi, akanangotenga K1,900,000. Ndi pano pamene ndikufuna muchedwepo, chifukwa pepala silithera pa malonda oyamba. Liyenera kupitirira mpaka sabata ya kubweza komaliza. Ngongole ya K1,900,000 pa mgwirizano womwe uja imafuna K412,000 mwezi uliwonse. Tiyerekeze kuti gulu loyamba layenda bwino, nkhuku zalemera, zagulitsidwa pa K10,000. Mutachotsa fidi wa masabata ogulitsira ndi kubweza kwachiwiri, m'manja mumatsala cha m'ma K1,340,000. Gulu lachiwiri likufuna K1,400,000, ndipo lisanakhwime pali kubweza kwachitatu. Mwaperewera K470,000, pafupifupi pomwe paja mayiyu anagwera, kungoti tsopano mwagwa mochedwa ndi miyezi iwiri ndiponso ndi ngongole yokulirapo. Chifukwa chake n'chosavuta kuona. Khola likubala K500,000 m'miyezi iwiri, pamene ngongole ikufuna K824,000 m'miyezi iwiri yomweyo. Kusiyanako kumachokera ku mpamba.

Choncho pepala likanamuuza mayiyu chinthu chimene palibe anamuuza: pa mgwirizano umenewu, ndi K500,000 yake, panalibe ngongole yoyenera nkhuku 200. Yaing'ono inkamusiya panjira pa sabata yachinayi, yaikulu inkamudya pa gulu lachiwiri. Yankho lotere limawawa, makamaka munthu utauza kale abale ndi anzako kuti ukuyamba bizinesi. Koma ndi yankho limene limasiya filiji m'nyumba.

Pepala likakana, sindiye kuti bizinesi yafa. Pali zinthu zitatu zimene mungasunthe: kukula kwa bizinesi, tsiku lotenga ngongole, ndi mgwirizano wake. Tiyese ziwiri zoyambazo pa mayi yemweyu. Ayambe ndi nkhuku 100, akonze theka la chipinda ndi K150,000. Anapiye K150,000, matumba awiri K120,000, makala ndi katemera K50,000. Zonsezi ndi K470,000, ndipo zikukwanira pa ndalama zake mpaka sabata yachitatu kutha, osakhudza ngongole. Zofunika kutsogolo ndi matumba 6 ndi zina zing'onozing'ono, K380,000. Atachotsa K30,000 yotsala, pakuya pali K350,000. Aikepo matumba ena awiri odzitetezera, K120,000, kuti ngati malonda achedwa asagulitse mokakamizika. Akufuna K470,000 m'manja, imene pa mgwirizano uja ndi ngongole ya K550,000, yobweza K119,000 pamwezi.

Chachikulu apa ndi tsiku. Ngongoleyi ikalandiridwa kumayambiriro kwa sabata yachinayi, kubweza koyamba kumagwa pa sabata ya 8, nkhuku zitayamba kale kugulitsidwa. Palibe khobidi la ngongole limene likubwerera lisanagwire ntchito. Mukalipitiriza pepalali mpaka kumapeto, magulu atatu a nkhuku 100 amadutsa osagwa pansi pa ziro, ngakhale pa gulu lachitatu pamatsala K20,000 yokha pa sabata yovuta. Ngongole ikamatha, mayiyu ali ndi mpamba wopitirira K700,000 wakewake, khola lokonzedwa ndi makasitomala amene akumudziwa. Si chuma chambiri, ndipo n'chothina ndithu. Pali chenjezo limodzi: njira imeneyi imadalira kuti ndalama ituluke pa tsiku lake. Mafomu ayenera kukhala atavomerezedwa anapiye asanabukitsidwe, ndipo tsiku lolandira mugwirizane momveka, chifukwa nkhuku za masabata anayi sizingadikire kuti komiti ikhale pansi.

Pa mgwirizano, funsani ngati angakupatseni nthawi yopumira musanayambe kubweza, ndipo mufunsenso ngati chiwongoladzanja chimayenda m'nthawi imeneyo, chifukwa nthawi zambiri chimayenda. Funsani ngati kubweza msanga kumachepetsa zolipira. Yerekezani ndi SACCO ngati muli membala, kapena banki mkhonde yanu, kumene chiwongoladzanja pamwezi chimakhala chokwera koma mukhoza kutenga ndalama ya fidi kwa mwezi umodzi kapena iwiri basi. Musayerekeze ndi pakamwa. Ikani chilichonse pa pepala lija, muone chimene chikusiya zotsala zili pamwamba pa ziro masabata onse.

Pali mzere umodzi umene pa nkhani ya mayiyu sitinaulembe chifukwa bambo a kunyumba ankagwira ntchito ndipo ndiwo, sopo ndi fizi zinkachokera kumeneko. Kwa anthu ambiri sizili choncho. Ngati bizinesi ndi imene izidyetsa pakhomo, lembani ndalama ya pakhomo pa zotuluka sabata iliyonse, ndipo mulembe yeniyeni, osati imene mukanakonda. Lembani fizi pa mwezi umene sukulu zimatsegulira, feteleza pa nthawi yake, lendi pa tsiku lake. Anthu amachita manyazi kulemba zimenezi, ngati kuti ndi kuba. Koma mwana akadwala usiku, palibe kholo limene lingasiye ndalama ya fidi mu foni. Ndalamayo idzatuluka ndithu, choncho ndi bwino ioneke pa pepala pamene mukhoza kuikonzekera. Pa chitsanzo cha nkhuku 100 chija, kungochotsa K15,000 ya pakhomo sabata iliyonse kumagwetsa pepala lonse pansi pa ziro. Munthu wotero amafunika njira ina yodyera kwa miyezi yoyambayo, kapena asunge kaye mpamba wokulirapo.

Mukamaliza, lisokonezeni dala pepalalo. Mzere wa zolowa ndi umene umanama kwambiri, chifukwa timaulemba ndi mtima wofuna. Nkhuku 95 sizigulidwa tsiku limodzi ndi munthu wongoyamba kumene, zimatenga masabata awiri kapena atatu, ndipo zikudya. Chedwetsani malonda onse ndi masabata awiri muone. Iphani nkhuku 15 m'malo mwa zisanu, chifukwa kutentha kwa mu Okutobala kapena gumboro zimatha kutero. Kwezani fidi ndi 20 peresenti. Izi si zongopeka kuno kwathu. Mu Meyi 2022 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 ndi 44 peresenti, mitengo ya katundu n'kukwera m'masiku ochepa, pamene ogula sanavomere msanga mtengo watsopano wa nkhuku. Amene anali ndi nkhuku za masabata atatu m'khola sabata imeneyo amakumbukira. Onaninso mwezi umene malonda anu agwere. Nkhuku zokhwimira Khirisimasi ndi chaka chatsopano zimayenda mofulumira. Zokhwima kumapeto kwa Januwale ndi mu Febuluwale zimapeza anthu akulimbana ndi fizi ndi mtengo wa chimanga. Anapiye a mu Juni ndi Julayi amadya makala ambiri. Sikuti pepala lipirire mavuto onsewa nthawi imodzi, palibe bizinesi yaing'ono ingatero. Koma ngati vuto limodzi lokha likukugwetsani pansi pa ziro, ndiye kuti mwina ndalama yodzitetezera ndi yochepa, mwina bizinesi yakulira mpamba wanu.

Ndinenepo za mbali inayo, chifukwa nayonso ndaiona. Nthawi zina wobwereketsa amakupatsani zoposa zimene mukufuna. Mukufuna K550,000, iye n'kunena kuti chikole chanu chikukwanira K1,000,000, bwanji osangotenga yonse. Zimakoma kumva, zimakhala ngati akukulemekezani. Koma K450,000 yowonjezerayo, pa mgwirizano wonga uja, ikulipitsani K135,000 ya chiwongoladzanja, n'kukweza kubweza kwa pamwezi kuchoka pa K119,000 kufika pa K217,000, pamene nkhuku zikadali 100. Ndipo ndalama yopanda ntchito yake siikhala. Imamveka kwa achibale, imapita ku maliro, imagula malata. Wogwira ntchito ku bungwe lobwereketsa amayang'ana ngati mungathe kubweza, kaya kuchokera ku nkhuku, ku malipiro a amuna anu kapena ku filiji. Ngati bizinesi idzakhale ilipobe ngongole ikamatha, amene ayenera kuwerengera zimenezo ndinu.

Kawerengedwe kameneka si ka nkhuku zokha, koma pakuya pamasuntha malinga ndi bizinesi. Wa golosale amakhala ndi zolowa kuyambira tsiku loyamba, ndipo iye amagwa ndi kabuku ka ongongola ndi katundu wosayenda amene wagwira mpamba pa shelefu. Telala wosoka mayunifolomu amagula nsalu lero, sukulu n'kudzamulipira patatha miyezi. Mlimi wa tomato wa kudimba amadikira miyezi itatu, n'kupeza kuti anzake onse akolola sabata yomweyo. Bizinesi imene imadikira nthawi yaitali isanalowetse ndalama siigwirizana ndi ngongole yobweza sabata ndi sabata kapena yoyamba kubwezedwa m'masiku 30, ngakhale phindu lake litakhala lalikulu chotani.

Pepalali lisaikidwe m'sutikesi ngongole ikatuluka. Loweruka lililonse madzulo, lembani pambali pa nambala yoyerekeza ija nambala yeniyeni: zalowa zingati, zatuluka zingati, ndipo m'manja, mu Airtel Money kapena mu Mpamba mwatsala zingati. Kenako konzani masabata akutsogolo potengera zimene mwaona. Zizindikiro za ngozi zimaoneka msanga kwa munthu wochita zimenezi. Zotsala zikakhala pansi pa zimene munayembekeza masabata awiri otsatizana, kapena kubweza kukayamba kuchokera pa ndalama imene munaisungira fidi, vuto layamba, ngakhale mu foni mukuonekabe ndalama. Mayi uja akanaona kuperewera kwa K440,000 kuja tsiku lomwe analandira K1,020,000 m'malo mwa K1,200,000, anapiye asanalipiridwe, ndipo akanangobukitsa 130 m'malo mwa 200. Akanakuona pa sabata yachiwiri, akanakhalabe ndi masabata awiri okambirana ndi wogulitsa fidi kuti amupatseko matumba pangongole, ofunafuna mlimi mnzake wogula nkhuku 60 zikadali zazing'ono, kapena opita kwa wobwereketsa ndi kope m'manja kukapempha kuti tsiku la kubweza kwachiwiri lisunthidwe. Wobwereketsa amamvetsera bwino munthu amene wabwera yekha tsiku lisanakwane, ali ndi manambala, kusiyana ndi amene wachita kumusaka atazimitsa foni.